Kupepesa maliro m'Chifalansa: mizere yochepa yolembera mnzanu wa kuntchito

Uthenga wa maliro ukafika pa ofesi kwathu kuno, aliyense amadziwa chochita. Anthu amasonkha chipepeso, wina nkupeza galimoto, madzulo ake nkukakhala pa siwa. Kumeneko simuyembekezeka kulankhula zambiri. Mumagwira chanza anamfedwa, mumati "pepani", ndipo kukhala kwanu pamphasapo kumanena zotsalazo. Koma mnzanu wofedwayo akakhala wa ku Falansa, ku Belgium kapena ku Kongo, ndipo wakwera kale ndege kupita kwawo, mphasa yoti mukakhalepo palibe. Chatsala m'manja mwanu ndi foni kapena kompyuta, ndi chiyankhulo chimene mwina munachilekera ku sekondale.

Zoterezi sizachilendo monga zimaonekera. Ku likulu la COMESA ku Lusaka, Chifalansa ndi chimodzi mwa ziyankhulo za ntchito, chimodzimodzinso ku SADC, kumene kuli maiko ngati Kongo ndi Madagascar. Ogwira ntchito m'mabungwe a ku Lilongwe, kapena ku Dzaleka ku Dowa, amakhala tsiku ndi tsiku ndi anzawo amene akalira amalira m'Chifalansa. Inde, mukhoza kuwalembera m'Chingerezi ndipo adzamva. Koma amene afuna kupepesa m'chiyankhulo cha wofedwayo ayenera kudziwa chinthu chimodzi asanagwire cholembera: uthenga wa maliro m'Chifalansa sumamasuliridwa kuchokera kwina. Uli ndi mawu akeake amene eni chiyankhulo amayembekezera kuwaona, ndipo ntchito ya wolemba ndi kusankha awiri kapena atatu mwa amenewo, nkuwonjezerapo chiganizo chimodzi chochokera kwa iye mwini.

Tiyambe ndi "pepani" wathuyo, popeza ndi amene amabwera msanga pakamwa. M'Chichewa mawu amodziwa amagwira ntchito mukaponda munthu phazi, mukachedwa ku msonkhano, ndiponso mukakumana ndi mayi amene waika mwana. Chifalansa chimasiyanitsa zimenezi. *Pardon* ndi *excusez-moi* ndi mawu a munthu amene walakwa kapena akupempha njira. Kuwalembera wofedwa kumamveka ngati ndinu amene mwachititsa imfayo. Mawu a pamaliro ndi *condoléances*, ndipo nthawi zonse amakhala ochulukitsa: *mes condoléances*, *mes sincères condoléances*, *toutes mes condoléances*. Mneni woyenda nawo ndi *présenter* kapena *adresser*, kutanthauza kupereka kapena kutumiza. Ophunzira ambiri amagwera pa *souhaiter*, chifukwa ndi amene anamuloweza pofunira anthu chaka chabwino ndi ulendo wabwino. Koma chipepeso sichifuniridwa munthu ngati mafuno abwino, ndipo *je vous souhaite mes condoléances* ndi cholakwika chimene wofedwa angachione ngakhale maso ali odzaza misozi.

Msampha wachiwiri umachokera ku Chingerezi, chifukwa ambiri a ife timadutsa kumeneko tisanafike ku Chifalansa. Azungu a Chingerezi amapepesa munthu chifukwa cha zimene wataya, ndipo wongotembenuza liwu ndi liwu amalemba *je suis désolé pour votre perte*. Chiganizo chimenechi chimamveka m'mafilimu omasuliridwa, moti Mfalansa adzachimva, koma adzadziwanso pomwepo kuti chachokera kunja. Vuto lili pa *votre perte*. Mawu awiriwa akaima paokha, m'Chifalansa amakumbutsa kuwonongeka kwa munthu mwiniyo, monga amanenera za munthu amene akuthamangira kuchionongeko chake. Liwu loti *perte* silinaletsedwe, koma lifunika kunena amene watayika: *la perte de votre père* zili bwinobwino. Momwemonso, Chingerezi chimati munthu "wadutsa" pofuna kupewa liwu la imfa, koma *il est passé* m'Chifalansa amatanthauza kuti munthuyo anadzera pano, mwina kudzatenga makalata. Ndipo nkhani ya maliro "simuimva" ndi *entendre* ngati phokoso la panja. Mumaidziwa, ndipo mneni wake ndi *apprendre*: *j'ai appris*, kapena *je viens d'apprendre* ngati mwangouzidwa kumene.

Chodabwitsa nchakuti nthawi zina Chichewa chimayandikana ndi Chifalansa kuposa mmene Chingerezi chimachitira. Ife timati "atisiya", iwo amati *il nous a quittés*, ndipo onse awiri ndi mawu aulemu. Ifenso sitikonda kutchula imfa mwachindunji kwa namfedwa, iwonso m'kalata amazemba liwu loti *mort* nkulemba *décès* kapena *disparition*. Lachiwirili likhoza kukusokonezani, chifukwa m'dikishonale limatanthauza kusowa, koma m'kalata ya maliro aliyense amamva kuti ndi imfa yonenedwa mofatsa.

Musanalembe chiganizo choyamba, sankhani pakati pa *tu* ndi *vous*. Apa ife tili ndi mwayi, chifukwa "iwe" ndi "inu" timazidziwa kuyambira tili ana. Komabe malire ake sali pamodzimodzi. Kwathu munthu wamkulu wa kuntchito timamutcha "inu" ngakhale titadya naye nsima zaka khumi, pomwe m'maofesi ambiri a ku Falansa anzake a msinkhu umodzi amatchulana *tu* kuyambira sabata yoyamba. Lamulo lake nlosavuta: lembani mmene mumalankhulirana masiku onse. Ngati mumamutcha *tu* pa tiyi wa m'mawa, kusintha nkumutcha *vous* lero chifukwa choti kwagwa maliro kudzamveka ngati mwaima patali pa tsiku limene amafuna muyandikire. Ngati simunayambe mwatchulana *tu*, maliro si nthawi yoyambira. Ndipo mukasankha, gwiritsani chomwecho mpaka kumapeto. Uthenga woyamba ndi *je vous présente* nkuthera pa *je pense à toi* umaonetsa kuti unasokedwa ndi zidutswa zotola malo osiyanasiyana.

Tiyeni tsopano tilembe umodzi. Tinene kuti wofedwa ndi mayi wa ku Falansa wa m'dipatimenti yanu, bambo ake amwalira, ndipo mumatchulana *vous*. Uthenga wonse ukhoza kukhala uwu:

> Chère collègue,
>
> J'ai appris avec beaucoup de tristesse le décès de votre père. Je vous présente mes sincères condoléances, à vous et à votre famille. Mes pensées vous accompagnent dans cette épreuve. Ne vous inquiétez pas pour les dossiers en cours, nous nous en occupons.
>
> Avec toute ma sympathie,

Pansi pake mulembe dzina lanu. M'malo mwa *collègue* ndi bwino kuika dzina loyamba la mayiyo ngati ndi limene mumamuitanira, kapena *Madame* ngati ndi wamkulu kwa inu pa udindo. Kwa mwamuna, *Chère* amasanduka *Cher*.

Ziganizo zake nzinayi basi. Choyamba chikuti "ndamva ndi chisoni chachikulu za imfa ya bambo anu", ndipo chikutchula amene wamwalira. Izi nzofunika: uthenga wosatchula womwalirayo ukhoza kutumizidwa kwa aliyense, ndipo wolandira amadziwa. Chachiwiri ndi chipepeso chenicheni, chofikira kwa iye ndi kubanja lake. Chachitatu chikuti maganizo anu ali naye m'mayesero amenewa, pakuti *épreuve* ndi liwu limene eni ake amatchulira nyengo yowawa. Chachinayi ndi chimene mnzake wa kuntchito yekha anganene, osati azakhali ake kapena wansembe: "musadere nkhawa za mafayilo amene ali patebulo, tikuwagwira ife."

Kwa ine chiganizo chachinayichi ndi chimene chimalemera kuposa zinazo, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo a ntchito. Ku Falansa, lamulo limapatsa wantchito masiku osachepera 3 akamwalira bambo, mayi, mwamuna kapena mkazi wake, m'bale kapena mlongo. Akamwalira mwana, kuyambira mu 2023 ndi masiku 12, kapena 14 ngati mwanayo anali asanakwanitse zaka 25. Mabungwe ena amawonjezera, koma masiku atatu a bambo ndi ochepa kwa munthu amene ayenera kuthamanga ndi mapepala a kuboma ndi a kampani yoika maliro. Munthu wotere amakhala akuwerenga masiku, ndipo kumuuza kuti lipoti lake lili m'manja mwa wina ndi chithandizo chenicheni. Koma musalembe zimenezi ngati simudzachita. Ndipo kutchula chinthu chake, monga lipoti la Lachisanu kapena msonkhano wa Lolemba, kumaposa mawu ozolowereka oti *n'hésitez pas si vous avez besoin de quoi que ce soit*, "musazengereze ngati mufuna china chilichonse". Mawuwa sali olakwika, kungoti amasiyira wofedwayo ntchito yoganiza chopempha, ndipo ambiri sapempha.

Onaninso zimene mulibe mu uthengawo. Mulibe "muli bwanji". Khalidwe lathu silitilola kuyamba nkhani tisanapereke moni, choncho dzanja limafuna kulemba *j'espère que vous allez bien*, "ndikhulupirira muli bwino", monga m'makalata onse a kuofesi. Kwa munthu amene bambo ake ali ku mochale, chiganizo chimenechi nchopweteka. Kumapeto mulibenso *bonne journée* kapena *cordialement*. Liwu lachiwirili ndi limene limatseka makalata a ma invoisi ndi oitanira ku misonkhano, ndipo ambiri analiika kale kuti lizituluka lokha pansi pa imelo iliyonse pamodzi ndi udindo, nambala ya foni ndi chizindikiro cha bungwe. Fufutani zonsezo musanatumize. Mawu ataliatali otsekera makalata a kuboma, aja oyamba ndi *veuillez agréer* nkuthera pa *salutations distinguées*, nawonso asiyeni. Ngati wofedwayo ndi bwana wamkulu amene simuzolowerana naye, ulemu wokwanira uli m'chiganizo ichi: *Je vous prie de recevoir mes très sincères condoléances.*

Nanga akakhala mnzanu weniweni, amene mumatchulana *tu* ndipo mumalemberana pa foni? Uthenga umafupika ndi kufewa:

> Je viens d'apprendre pour ton papa. Je suis de tout cœur avec toi. Toutes mes condoléances à toi et à ta famille. Ne pense pas au rapport de vendredi, je m'en charge. Pas besoin de me répondre.

Ndiko kuti, "Ndangomva kumene za bambo ako. Ndili nawe ndi mtima wonse. Pepa, iwe ndi banja lako. Za lipoti la Lachisanu usaganize, ndilitenga ine. Usavutike kuyankha." Apa *papa* walowa m'malo mwa *père*. Ku Falansa *papa* ndi *maman* ndi mawu a m'nyumba, oyenera pakati pa anthu ogwirizana, pomwe *votre père* ndi *votre mère* ndi amene sangakulakwitseni kulikonse. Mzere womalizawo, womasula munthu ku udindo woyankha, ndi wachifundo kwambiri kwa munthu amene foni yake yadzaza ndi mauthenga. Mawu oti *je t'embrasse*, amene abwenzi ndi abale amatsekera nawo makalata, asungireni okhawo amene mumapsompsonana nawo patsaya popatsana moni.

Pali tizilembo tingapo timene timagwetsa anthu. Mukasankha kulemba kuti mwamva chisoni ndi mawu ngati *attristé* kapena *peiné*, kumapeto kwake kumatsata inu wolemba: mwamuna alembe *je suis très attristé*, mkazi *je suis très attristée*. Njira yozembera ndi imene tatenga pamwambapa, *j'ai appris avec tristesse*, imene siisintha kaya wolemba ndi ndani. *Ton* ndi *ta* amatsata womwalirayo, osati mnzanuyo: *ton père*, *ta mère*, *ton frère*, *ta sœur*, koma *ton épouse*, chifukwa liwulo likuyamba ndi lembo la liwu. Ndipo funsani bwino za ubale musanalembe. *Belle-mère* akhoza kukhala apongozi aakazi kapena mayi opeza. Anthu ambiri ku Falansa amakhalira limodzi zaka zambiri osamanga ukwati, ndipo amatchulana *compagnon* ndi *compagne*. Kulemba *mari* kapena *femme* pamene mwiniwake sanatchulepo choncho ndi kumuveka chimene sanavale.

Tsopano nkhani ya Mulungu, imene kwa ife ndi yovuta kuisiya. Uthenga wa maliro wa ku Malawi kapena ku Chipata wopanda "Ambuye akutonthozeni" kapena "mzimu wawo uuse mumtendere" umaoneka wosamalizidwa. Ku Falansa zinthu nzosiyana. Chiyambire lamulo la 1905 limene linalekanitsa boma ndi mipingo, chipembedzo chimatengedwa ngati nkhani ya munthu payekha, ndipo kuntchito anthu sachitchula kawirikawiri. Ambiri sapembedza nkomwe. Kulembera munthu wotere kuti *c'est la volonté de Dieu*, "ndi chifuniro cha Mulungu", kungamukwiyitse m'malo momutonthoza. Ngati mukudziwa kuti mnzanuyo ndi wopemphera, *je prie pour vous et pour votre famille* ndi mawu abwino. Ngati simukudziwa, *mes pensées vous accompagnent* kapena *je pense bien à vous* akunyamulirani katundu yemweyo, ndipo palibe chokuletsani kumupempherera kunyumba kwanu osamuuza.

Mawu ena otonthozera amene timawakonda amafika moipa m'Chifalansa. "Tonse njira ndi yomweyo" pa siwa amamveka ngati nzeru za akulu, koma akasanduka *c'est la vie* amamveka ngati kukweza mapewa. "Limbani mtima" akatembenuzidwa kukhala *soyez forte* amaoneka ngati lamulo loti asalire. Eni ake amanena *courage*, ndipo ngakhale pamenepo samalani, chifukwa *bon courage* ndi mawu amene amauzanso mnzawo wotsalira mu ofesi usiku kumaliza bajeti. Chiganizo chathunthu monga *je vous souhaite beaucoup de courage dans cette épreuve* chimachotsa chikayikocho, ndipo apa ndi pamene *souhaiter* uja ali pamalo pake.

Zonsezi zimasintha mnzanuyo akakhala wa ku Kongo, ku Burundi kapena ku Côte d'Ivoire, pakuti Chifalansa si cha ku Paris kokha. Kwa munthu wa ku Kinshasa kapena ku Lubumbashi, *que son âme repose en paix* ndi *que Dieu vous console* ndi mawu oyembekezeka, monga momwe alili kwathu. Mudzamvanso kawirikawiri, m'maiko ambiri a mu Afirika olankhula Chifalansa, mawu oti *que la terre lui soit légère*, kufunira womwalirayo kuti nthaka imupepukire. *Papa* ndi *maman* kumeneko ndi mawu aulemu otchulira munthu wamkulu aliyense, choncho *votre papa* sizidabwitsa ngakhale polembera bwana. Anthu a ku Abidjan ali ndi *yako*, liwu lochokera m'ziyankhulo za kwawo limene linalowa m'Chifalansa chawo, ndipo limagwira ntchito pafupifupi ngati "pepani" wathu. Kutsidya kwa nyanja, ku Québec m'dziko la Canada, anthu ambiri amati *mes sympathies*, mawu amene ku Falansa samveka pamaliro. *Toutes mes condoléances* ndi amene amalandiridwa m'maiko onsewa.

Chipepeso cha ndalama nacho chimatsata dziko. Kwa mnzanu wa ku Kongo, kusonkha nkumupatsa envelopu yothandizira maliro ndi chizolowezi, ndipo adzailandira monga ife tilandirira. Mfalansa mukamupatsa ndalama m'manja akhoza kuchita manyazi osadziwa choyankha. M'maofesi a kwawo amasonkha ndithu, amatcha *cagnotte*, koma kawirikawiri ndalamazo amagulira maluwa otumiza kumwambo m'dzina la onse. Musanagule, werengani chidziwitso cha maliro chimene banja limatulutsa, *faire-part*. Mukaonamo mawu oti *ni fleurs ni couronnes*, ndiye kuti banjalo silikufuna maluwa kapena nkhata, ndipo nthawi zina amatchula bungwe limene mungaperekeko mphatso m'malo mwake.

Za nthawi yotumizira, tumizani tsiku lomwe mwamva kapena mawa lake, ndipo mutumizire iye yekha. Abwana akalengeza maliro pa imelo ya anthu onse, batani loyankhira gulu lonse lisiyeni. Pa mutu wa imelo, *Sincères condoléances* nzokwanira. Musathamangire kulemba ngati kuti aika kale. Kwathu maliro a kumudzi amaikidwa mawa kapena mkucha, koma ku Falansa pamadutsa masiku angapo, nthawi zambiri pafupifupi sabata, ndipo kuyambira mu 2024 lamulo limalola mpaka masiku 14, pomwe kale linkalola 6 a ntchito. Mukafuna kutchula mwambowo, gwiritsani liwu loti *obsèques*. *Enterrement* ndi kukwirira m'manda, ndipo mabanja ambiri masiku ano amasankha kutentha thupi. Kufunsa chimene chawapha akuluwo, funso limene pa siwa timafunsana monong'ona, m'kalata musaliike. Ngati mwiniwake afuna kunena, adzanena.

Ngati munawadziwa malemuwo, mwina anabwera kudzacheza ku Malawi ndipo munadya nawo limodzi, onjezani chiganizo chimodzi pambuyo pa chipepeso: *Je garde un très bon souvenir de sa visite à Lilongwe*, "ndimakumbukira bwino ulendo wawo wa ku Lilongwe." Ngati simunawaonepo, musapeke mbiri yoti anali munthu wabwino. Mwana wawo ndi amene akudziwa mmene analili, ndipo si mabanja onse amene amasiyana pamtendere. Koma ngati mnzanuyo ankawatchula kawirikawiri pocheza, mukhoza kunena zoona zokhazo: *Vous parliez souvent de lui.*

Khadi yolembedwa pamanja idakali ndi ulemu wake ku Falansa, makamaka polembera munthu wamkulu, ndipo ikhoza kutsatira uthenga wa pafoni, kapena kudikira pa desiki yake anzake onse atasainapo. Pa khadi ya gulu, *je* amasanduka *nous*: *Nous vous présentons nos sincères condoléances.* Yankho likachedwa kapena likapanda kubwera, musatumize uthenga wina wofunsa ngati analandira. Mabanja ambiri amathokoza onse pamodzi mwambo utatha, ena ndi kakhadi kosindikiza, ena ndi mzere umodzi pa imelo.

Tsiku limene wabwerera kuntchito, mukamuona koyamba mugwireni chanza ngati ndi mmene mumachitira, ndipo munene *toutes mes condoléances*, kutchula kwake kuli ngati "tut me kondoleyans". Ngati munalemba kale, *je suis content de vous revoir*, "ndakondwa kukuonaninso", nzokwanira, ndipo mkazi anene *contente*. Kenako mudikire. Akayamba yekha kufotokoza za bambo ake, khalani pansi mumvetsere. Akafunsa za mafayilo aja, muuzeni pamene afika.